Cham'mimba sichidikira kuti mayeso athe

Mwezi wa Juni kwathu kwa Chulu kumakhala kuzizira kolowa m'mafupa. Fodya amakhala atachoka kale m'zigafa, wina akusankhidwa, wina akudindidwa kuti apite ku okushoni ku Chinkhoma, ndipo pakhomo ponse pamanunkha fodya, ngakhale zofunda. M'mwezi ngati umenewu, chaka chomwe ndinali Fomu 4, ndinalemba pepala la masamu nditapinda thupi pa desiki ngati nyongolotsi yopondedwa. Mafunso ndinkawadziwa. Koma thukuta linkatuluka kunja kukuzizira, nseru ili pakhosi, m'chinena mukukoka ngati wina wamanga chingwe n'kumachipota. Ndinatuluka kawiri kukasanza. Pepala limenelo ndinalephera, ndipo ndinabwereza chaka chonse.

Kwathu ululu umenewu timautcha cham'mimba. Amayi ankaudziwa, agogo ankaudziwa, ndipo onse ankandiuza zofanana: "Pirira mwanangu, ukadzabereka chidzatha." Za mapiritsi amayi sankafuna n'kumva komwe. Ali ndi mlamu wawo, azakhali anga, amene ankavutika ndi cham'mimba kuyambira ali mtsikana, ankamwa mapiritsi mwezi ndi mwezi, ndipo mpaka lero alibe mwana. Kwa amayi nkhani inathera pomwepo: mapiritsi amawotcha chiberekero. Ndiye ine ndikayamba kubuula ankandiwiritsira madzi, n'kundifunditsa bulangeti, basi. Nthawi zina ndinkagula panado mobisa pa okala, n'kumwa ululu utafika kale pachimake. Ankangondipepuza pang'ono, kenako zonse zinkabwerera.

Chaka chino mng'ono wanga ndiye akulemba mayeso a Fomu 4. Ali ndi zaka 17, ndipo cham'mimba chake n'chofanana ndi changa. Ine panopa ndikuphunzira za unamwino, ndipo tsiku lomwe aphunzitsi anafotokoza gwero la ululu umenewu ndinakhala chete m'kalasi, mtima ukuwawa. Chinthu chimene chinandidyera chaka chathunthu chili ndi dzina, chili ndi nthawi yake yobwera, ndipo mankhwala ake ankagulitsidwa pa okala yomweyo ndinkagulapo panado.

Dzina lake ndi pulositagalandini. Ndi timadzi timene maselo a m'thupi amapanga pamalo pomwe akufuna kuti china chake chichitike, monga kutupa, kutentha thupi, kapena kuti mnofu ufinye. Dzinali lili ndi kankhani koseketsa. Analipereka ndi wasayansi wa ku Sweden, Ulf von Euler, m'chaka cha 1935. Iye anapeza timadziti mu umuna, n'kuganiza kuti timachokera ku kachiwalo ka abambo kotchedwa pulositeti. Ndiye chinthu chimene chimagoneka atsikana pamphasa mwezi ndi mwezi chinatenga dzina la chiwalo cha amuna, taonani zake. Patapita zaka, mu 1957, wasayansi wa ku Britain, Vernon Pickles, anapeza kuti m'magazi a msambo muli china chake chimene chimachititsa minofu kufinya, ndipo kenako zinadziwika kuti chinthucho ndi mapulositagalandini omwewa.

Kuti timve mmene timadziti timabwerera, tiyambire pakati pa mwezi. Dzira likatuluka m'thumba lake, pamalo pomwe lachokapo pamatsala kachinthu kamene kamatulutsa homoni yotchedwa pulojesiteroni. Homoni imeneyi imasamalira khungu la mkati mwa chiberekero, kulisunga lokhuthala ndi lofewa, kukonzekera mwana ngati angabwere. Mimba ikapanda kukhala, kachinthu kaja kamafota pakatha pafupifupi masabata awiri, ndipo pulojesiteroni amatsika mwadzidzidzi. Kutsika kumeneku ndiko belu. Maselo a khungu lija amayamba kusweka, ndipo akamasweka amamasula mtundu wina wa mafuta omwe anali m'zikuta zawo.

Apa ndi pomwe pali chigayo. M'maselomo muli kanthu kotchedwa saikolookisijinezi, kamene ophunzira timangokatcha kokisi. Ntchito yake ndi kutenga mafuta aja n'kuwasandutsa pulositagalandini, monga mmene chigayo chimatengera chimanga n'kutulutsa ufa. Thupi silisunga pulositagalandini m'nkhokwe ayi. Limagaya pomwepo, nthawi yomweyo, ndipo chigayochi chimalira kwambiri m'masiku awiri oyamba a msambo. N'chifukwa chake tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi omwe amakugwetsa, koma pofika lachitatu umayamba kukhalanso munthu. N'chifukwa chakenso atsikana ambiri akangotha msinkhu miyezi yoyambirira samva kalikonse. Nthawi imeneyo dzira silinayambe kutuluka mwezi uliwonse, choncho pulojesiteroni sakwera n'kutsika kwambiri. Ine ndinatha msinkhu ndili Sitandade 8, koma cham'mimba chinandipeza ndili Fomu 1, ndipo ndinkadabwa kuti ndalakwa chiyani.

Pulositagalandini si mdani. Ntchito yake ndi kuuza chiberekero kuti chifinye, chitulutse khungu lakale lija. Chiberekero ndi mnofu, ndipo ndi mnofu wamphamvu zedi, poti ndi womwewu umakankha mwana pobadwa. Kuchipatala azamba amagwiritsa ntchito mankhwala a m'banja lomweli, monga misopulositolo, pofuna kuti chiberekero chifinye mayi akamataya magazi ambiri atabereka. Vuto la ife a cham'mimba ndi lakuti chigayo chathu chimagaya mopitirira. Ofufuza anapeza kuti m'magazi a msambo a akazi omva ululu kwambiri mumakhala pulositagalandini wochuluka kuposa wa anzawo osamva ululu.

Aliyense wokulira kwa Chulu anaonapo jeke yodindira fodya. Ndindi zimasanjidwa m'bokosi, anyamata n'kumapota chitsulo mpaka fodya wofika m'chiuno asanduke belo lolimba ngati thabwa. Chiberekero chokhala ndi pulositagalandini wambiri chimafinya choncho, mwamphamvu, pafupipafupi, osamasuka bwinobwino pakati. Kufinyako kumatha kuposa mphamvu imene magazi amayendera, ndiye timitsempha tobweretsa magazi m'khoma la chiberekero timapanikizika. Pulositagalandini yemweyo amatichepetsanso timitsemphato. Mnofu umakhala ukugwira ntchito yakalavulagaga koma mpweya wa okosijeni sukufika. Tayesani kumanga chala ndi mphira kwa kanthawi, mumva mmene mnofu wosowa magazi umalirira. Pamwamba pa zonsezi, timadzi tomweti timanola minyewa yomvera ululu, moti kufinya kumene kukanangomveka ngati kukoka kumamveka ngati mpeni.

Wina wa pulositagalandiniyu amalowa m'magazi n'kufika kwina. Matumbo nawo ndi mnofu, ndiye akamupeza amafinyanso. Apa ndi pochokera nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa tsiku loyamba, kuphatikizapo mutu ndi kufooka. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti mwina ndadya zoipa, kapena ndi malungo obwera pa kalendala. Ayi ndithu, gwero lake linali limodzi.

Tsono mapiritsi. Mu 1971 wasayansi wina wa ku Britain, John Vane, anasonyeza kuti asipilini amagwira ntchito poletsa thupi kupanga pulositagalandini, ndipo mu 1982 analandira nawo mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. Asipilini ali ndi abale ake, gulu la mankhwala ochepetsa kutupa. Mmenemu muli aibupulofeni, amene kwathu timangoti bufeni, muli dikulofenaki, muli indosidi, ndi ena. Onsewa amapita pa chigayo chija, kokisi, n'kutseka pakamwa pake kuti mafuta asalowe. Pulositagalandini akachepa, chiberekero chimafinyabe koma mwaulemu, magazi amafikanso m'khoma lake, minyewa imakhala pansi, nseru imachoka. Msambo suima ayi. Kwa ambiri bufeni amachepetsako pang'ono kuchuluka kwa magazi otuluka, koma khungu lakale limatuluka lonse monga mwa nthawi zonse. Palibe magazi otsalira n'kuundana m'kati, monga ena amanenera.

Nanga panado wanga uja bwanji ankangondinyengerera? Panado, amene dzina lake lenileni ndi palasetamo, amagwira ntchito yake makamaka muubongo ndi mumsana, kuchepetsa mmene ululu ukumvekera. Chigayo cha m'chiberekero sachigwira kwenikweni. Amathandizako, ndipo kwa amene sangamwe bufeni ndi pothawira pabwino, koma jeke imakhala ikupotedwabe.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri kunali nthawi. Mukazimitsa chigayo, ufa wogayidwa kale subwerera kukhala chimanga. Bufeni amaletsa kupanga pulositagalandini watsopano, koma amene watuluka kale ndi moto umene wayatsa kale sazizimitsa nthawi yomweyo. Komanso piritsi limafuna theka la ola kapena ola lathunthu kuti liyambe kumveka. Ndiye ukadikira mpaka ukugubuduka pansi, wachedwa, ndipo mwina ulisanza lisanasungunuke n'komwe. Ife tinaleredwa kuti mankhwala umamwa zikafika povuta, kumwa msanga ndi ulesi kapena mantha. Pa cham'mimba nzeru imeneyi imatipweteka. Piritsi limagwira bwino ukalimwa pa chizindikiro choyamba, kadontho koyamba ka magazi kapena kukoka koyamba, kenako n'kumamwa pa nthawi yake osadikira kuti ululu ubwerere.

Pa holide ya Isitala ndinapita kumudzi ndi nkhani imeneyi. Mng'ono wanga ndinamupeza pansi pa chigafa akuthandiza kusankha fodya, manja ali bii. Ndinamufunsa masiku amene anayamba kusamba miyezi yapitayi. Anali nawo m'foni, mwayi wake. Titawerenga tinapeza kuti amatenga masiku 29 kapena 30 kuchoka pa msambo wina kufika pa wina, ndipo tikawerengera kutsogolo tsiku lina loyamba linkagwera m'kati mwa nyengo ya mayeso. Nkhope yake inagwa. Ndinamufunsanso chimene amamva msambo usanayambe. Anati madzulo ake msana umalemera, m'mawa mwake magazi amayamba, ndipo pofika nthawi ya buleki amakhala atagona pa desiki.

Ndisanamuuze za piritsi lililonse ndinamufunsa mafunso amene tinaphunzitsidwa kufunsa, chifukwa pulositagalandini ali ndi ntchito zina zabwino m'thupi. M'chifu amathandiza kupanga chinthu choterera chimene chimateteza khoma lake kuti asidi asaliwotche. Mu impso amathandiza kuti magazi aziyenda bwino. Ukatseka chigayo, umatsekera konseko. N'chifukwa chake munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, kapena wa mphumu imene imayamba akamwa asipilini, sayenera kumwa bufeni popanda dokotala. Woyembekezera, kapena amene akukayika kuti mwina ali ndi mimba, nayenso asamwe yekha. Funso lomalizali ndinamufunsa tili awiri kuseri kwa nyumba. Anaseka n'kundimenya paphewa. "Achemwali inunso, mwayamba liti upolisi?"

Zonse zinali bwino, koma tinapitabe kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu kuti adokotala amuone, poti ine ndikadali wophunzira. Anagwirizana nazo, ndipo dongosolo linali lotere. Mapiritsi a bufeni amene anatipatsa anali a mamiligalamu 200 lililonse. Mlingo wake ndi awiri nthawi imodzi, kutanthauza mamiligalamu 400, katatu pa tsiku, motalikirana maola asanu ndi atatu. Pa tsiku asapitirire mamiligalamu 1,200, omwe ndi mapiritsi asanu ndi limodzi. Amwe atadya kanthu, kaya phala, kaya mbatata, ndi madzi okwanira kapu yodzaza. Ayambe pa chizindikiro choyamba, apitirize masiku awiri, likavuta lachitatu, kenako asiye mpaka mwezi wina. Tinawerenga kuti masiku awiri ndi mapiritsi 12. Adokotala anawonjezera chenjezo limodzi: asaphatikize bufeni ndi dikulofenaki, indosidi kapena asipilini poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Onsewa amatseka chigayo chimodzi, ndiye kuwaphatikiza sikuwonjezera mpumulo, kumangowonjezera ngozi ya zilonda m'chifu. Asipilini payekha si wabwino kwenikweni pa msambo chifukwa amatha kuchulukitsa magazi otuluka. Ululu ukatsalako, panado ndiye angawonjezerepo, poti njira yake ndi ina. Ndipo akamva kutentha pamtima kosatha, kapena akaona chimbudzi chakuda ngati phula, asiye pomwepo n'kubwerera kuchipatala.

Chovuta sichinali mapiritsi. Chovuta chinali amayi. Madzulo ake tikusenda mtedza pakhonde ndinayamba nkhaniyo pang'onopang'ono. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Sukulu yakoyo ndi yabwino. Koma azakhali ako ukuwaona. Ukufuna mwana wanga adzakhale choncho?"

Ndinati, "Amayi, bufeni sakhalitsa m'thupi. Mukamwa lero, pofika mawa impso zamutulutsa. Masiku awiri kapena atatu pa mwezi sangatseke chiberekero."

"Nanga iwo aja chinawatseka n'chiyani?"

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo amayi sanalifunse mwa umbuli. Anaona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, mapiritsi ndi kusabereka, n'kuganiza kuti china chinabala chinzake. Ndinawafotokozera kuti cham'mimba chili pawiri. Pali chija cha chigayo chokha, pomwe chiberekero chili bwinobwino. Chimayamba mtsikana akadali wamng'ono, chimabwera ndi msambo, chimatha pa masiku awiri kapena atatu, chimamvera bufeni, ndipo kwa ambiri chimachepadi akamakula kapena akabereka, monga agogo ankanenera. Koma pali china chimene kumbuyo kwake kuli matenda. Ena mwa matendawa ndi endometiriyosisi, pomwe khungu lofanana ndi la mkati mwa chiberekero limamera kunja kwake, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse limati amagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa khumi aliwonse a msinkhu wobereka. Palinso zotupa za m'chiberekero, ndi matenda opatsirana pogonana amene akwera mpaka m'njira za mazira. Matenda oterewa amatha kubweretsa zonse ziwiri, ululu woopsa ndi kuvutika kutenga mimba. Mkazi wotere amamwa mapiritsi ambiri chifukwa akuvutika kwambiri, ndipo mwana akapanda kubwera anthu amaloza mapiritsi, pomwe wolakwa anali matenda amene sanapimidwe.

Amayi anakhala chete nthawi yaitali, akungotembenuza mtedza m'lichero. Kenako anafunsa kuti munthu angadziwe bwanji kuti chake ndi chiti. Ndinawauza zimene ndikuuzaninso inu. Ululu umene wayamba ukulu pomwe kale kunalibe, kapena umene ukukula chaka ndi chaka, si wongoupirira. Chimodzimodzi ululu woyamba masiku ambiri msambo usanafike kapena wopitirira utatha, ululu pogonana kapena pochita chimbudzi, magazi ochuluka moti nsalu kapena padi ikudzaza pa ola limodzi, chikazi chonunkha, ndi kutentha thupi. Ngati wadumphitsa mwezi kenako n'kumva ululu woopsa mbali imodzi, umenewo ndi wothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa ikhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Ndipo ngati wamwa bufeni moyenera, pa nthawi yake, kwa miyezi itatu koma palibe kusintha, usawonjezere mapiritsi. Bwerera ukapimidwe. Pali ena amene bufeni sawagwira, ndipo achipatala ali ndi njira zina, monga mapiritsi a mahomoni amene amapepukitsa khungu la m'chiberekero kuti chigayo chisowe chogaya.

Sanavomere ndi pakamwa. Amayi anga savomera ndi pakamwa. Anangoti, "Madzi otentha aja musawasiye." Ndinawayankha kuti sitiwasiya, ndipo sindinkangowasangalatsa. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'chitenje n'kuliika pachinena limathandizadi kuti mnofu umasuke. Pamenepo iwo anali olondola kuyambira kale.

Tinagwirizana kuti mng'ono wanga ayesere dongosololi mayeso asanafike, kuti ngati pali vuto tilione msanga. Mwezi wa Epulo anachedwa. Anadikira kuti aone ngati ululu ubweredi, n'kumwa ali kale m'kalasi cha m'ma 9 koloko. Anavutika mpaka masana, n'kunditumizira uthenga wakuti mankhwala anuwa ndi abodza. Ndinamukumbutsa za ufa wogayidwa kale. Mwezi wa Meyi msana unalemera Lachiwiri madzulo, Lachitatu m'mawa anaona kadontho, ndipo anamwa awiri ndi phala 6 koloko asananyamuke. Ena awiri anamwa 2 koloko masana ataweruka, ena 10 koloko usiku ndi mbatata yotsala. Lachinayi anachitanso chimodzimodzi. Uthenga wake wa tsiku limenelo ndinausunga: "Kukukoka pang'ono koma ndaphunzira mapiriyodi onse. Sindinasanze." Ululu sunathe wonse, koma unatsika kufika poti munthu angathe kuwerenga funso n'kulimva.

Usiku umenewo ndinaganiza za mtsikana uja wopinda thupi pa pepala la masamu, ndi mapiritsi 12 amene akanakwana m'thumba la yunifolomu yake. Ndinalira pang'ono, osati kwambiri.

Sabata yatha ndinaimba foni kumudzi kufunsa ngati zonse zakonzeka. Anayankha ndi amayi. Anati mabelo awiri apita ku Chinkhoma, akudikira kumva mitengo. Kenako anatsitsa mawu, ngati pali wina akumvetsera, n'kunena kuti mapiritsi aja awasunga iwo m'kachitini ka singano kuti asanyowe, ndipo tsikulo likafika phala adzaphika okha m'mamawa. Asanadule anafunsa ngati kuchipatala chachikulu ku Kasungu angathe kuwapima azakhali, ngakhale zaka zapita.